Thumba limodzi limadya ndalama zingati pachigayo?

Mwezi wa Febuluwale pachigayo pamakhala zii. Nkhokwe zambiri zimakhala zitagona, ndipo obwera kudzagayitsa amanyamula timabeseni ndi tindowa tosadzadza. Komabe mwezi ukatha mlonda amafuna malipiro ake, mwininyumba amafuna lendi, ndipo mnyamata woyendetsa chigayo amalandira zake ngakhale kuti masiku ena wangokhala pabenchi. Ikafika Juni, anthu atakolola, mzere wa matumba umafika kumsewu, mayunitsi a magetsi amatha msanga, masefa amabooka ndipo malamba amaduka. Ndalama zotuluka m'thumba la mwinichigayo zimakwera ndithu, koma sizikwera mofanana ndi ntchito: matumba atha kuchuluka kanayi pamene ndalama zangodutsa pang'ono kawiri.

Chifukwa chake n'chakuti ndalama zoyendetsera chigayo zili ndi mbali ziwiri zomwe zimasakanikirana m'kaundula. Mbali ina siisintha kaya mwagaya zambiri kapena zochepa. Mbali inayo imakula ndi thumba lililonse lolowa m'chigayo. Owerengera ndalama amalemba zimenezi mwachidule motere: `y = a + bx`. Apa `y` ndi ndalama zonse zotuluka pamwezi, `x` ndi matumba ogayidwa, `a` ndi ndalama zosasintha zija, ndipo `b` ndi ndalama zomwe thumba limodzi limawonjezera. Mwinichigayo amadziwa `y` ndi `x` chifukwa amazilemba. Koma `a` ndi `b` palibe lisiti lomwe limamuuza. Lendi amaidziwa kuti siisintha, inde, koma nanga magetsi, omwe ena amathera kumababu a usiku ndi kuliza mota isanayambe kugaya? Nanga zokonzetsera, zomwe zina zimabwera chifukwa cha ntchito pomwe zina zimabwera chifukwa makina akungokalamba? Pali njira ziwiri zodziwika zolekanitsira mbali ziwirizi pogwiritsa ntchito kaundula yekha, ndipo ophunzira za akawunti amakumana nazo zonse m'maphunziro awo oyambirira.

Kuti zimveke, tiyerekeze chigayo cha magetsi chomwe chimalipiritsa K2,000 pa thumba la makilogalamu 50. Manambalawa ndi ongopeka kuti masamu ayende bwino, koma kakhalidwe kake ndi komwe aliyense wosunga kaundula wa chigayo angakazindikire. Mu Febuluwale chinagaya matumba 200 ndipo chinadya K560,000. Mu Malichi matumba 300, K680,000. Mu Epulo matumba 400, K795,000. Mu Meyi matumba 600, K995,000. Mu Juni matumba 800, K1,340,000. Mu Julayi matumba 700, K1,090,000.

Njira yoyamba, yomwe m'makalasi amaitcha hayi-lo, imangoyang'ana miyezi iwiri: womwe ntchito inachuluka kwambiri ndi womwe inachepa kwambiri. Apa ndi Juni ndi Febuluwale. Maganizo ake ndi osavuta. Lendi, mlonda ndi zina zosasintha zinalipo m'miyezi yonse iwiri mofanana, choncho kusiyana kulikonse kwa ndalama kuyenera kuti kwabwera ndi matumba. Matumba anasiyana ndi 600, ndalama zinasiyana ndi K780,000. Kugawa K780,000 ndi 600 kukupereka K1,300, ndiye kuti thumba lililonse limawonjezera K1,300. Tsopano kubwerera ku Febuluwale: matumba 200 pa K1,300 ndi K260,000, ndipo kuchotsa zimenezi pa K560,000 kukutsala K300,000. Izi ndiye ndalama zosasintha. Wofuna kutsimikiza angayesere pa Juni: matumba 800 pa K1,300 ndi K1,040,000, kuphatikiza K300,000, zikukwana K1,340,000 ndendende.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi posankha miyezi. Miyezi iwiriyo imasankhidwa poyang'ana matumba, osati ndalama. Zimatheka kuti mwezi womwe munatuluka ndalama zambiri si womwe munagayidwa matumba ambiri, ndipo wotengera ndalama amapeza yankho lopanda tanthauzo.

Ubwino wa njirayi ndi woti imatheka ndi cholembera ndi kakakyuleta ka pafoni, m'mphindi zochepa. Koma kutsimikiza kuja, koyesera pa Juni, n'konamiza. Yankho silingalephere kugwirizana ndi Juni ndi Febuluwale chifukwa lachokera kumeneko. Zili ngati mmisiri womanga yemwe wakhoma zikhomo ziwiri n'kukoka chingwe: chingwecho chiwongoka ndithu, koma ngati chikhomo chimodzi chakhomedwa pamalo olakwika, khoma lonse lipita kolakwika. Mayeso enieni ali pamiyezi inayi yomwe njirayi sinaiyang'ane n'komwe. Pa matumba 300 a Malichi ikulosera K690,000, pomwe kaundula akuti K680,000. Pa Epulo ikulosera K820,000 m'malo mwa K795,000. Pa Meyi yapyola ndi K85,000, ndipo pa Julayi yapyola ndi K120,000. Miyezi inayi yonse yaphonyera mbali imodzi, ndipo kuphonyako kukukula pamene matumba akuchuluka. Kuphonya kwamwayi chabe kukanagwera uku ndi uku. Kukagwera mbali imodzi chonchi, ndi chizindikiro chakuti mwezi wa pamwamba uli ndi china chake chomwe chaukweza.

Njira yachiwiri, rigireshoni, imamvera miyezi yonse. Tiyerekeze kuti miyezi isanu ndi umodziyo yaikidwa ngati timadontho papepala la magirafu, matumba chopingasa, ndalama chokwera. Timadonthoto sitingakhale pamzere umodzi wowongoka, koma tikhala pafupi nawo. Funso ndi lakuti, mwa mizere yonse yomwe munthu angajambule pakati pa timadonthoto, wabwino koposa ndi uti? Yankho la rigireshoni ndi ili: pa mzere uliwonse, yezani kuti waphonya mwezi uliwonse ndi ndalama zingati, chulukitsani kuphonya kulikonse ndi iko komwe, n'kuphatikiza zonse. Mzere womwe wapereka nambala yochepetsetsa ndiwo wapambana. Kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe kumathandiza pawiri: kuphonyera pansi ndi kuphonyera pamwamba sikufafanizana, komanso kuphonya kwakukulu kumalangidwa kwambiri kuposa kwakung'ono.

Njirayi sinayambire m'mabuku a zamalonda ayi. Katswiri wa masamu wa ku France, Adrien-Marie Legendre, anaisindikiza mu 1805 m'buku lonena za kayendedwe ka nyenyezi za mchira, ndipo Carl Friedrich Gauss wa ku Germany anaisindikiza mu 1809, akunena kuti iye anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1795. Vuto lawo linali lofanana ndi la mwinichigayo: miyezo yambiri, uliwonse wolakwika pang'ono, ndipo pakufunika yankho limodzi.

Palibe chifukwa choyesera mizere yambirimbiri, pakuti masamu ake amafika pa yankho mwachindunji. Choyamba ndi kupeza pakatikati pa zonse. Matumba onse ndi 3,000, ndiye kuti 500 pamwezi. Ndalama zonse ndi K5,460,000, ndiye kuti K910,000 pamwezi. Kenako mwezi uliwonse umayezedwa kuti watalikira bwanji pakatikatipo. Febuluwale ali pansi ndi matumba 300, ndipo pa ndalama ali pansi ndi masauzande 350. Kuchulukitsa ziwirizi kukupereka 105,000. Juni ali pamwamba ndi matumba 300 ndi masauzande 430, zomwe zikupereka 129,000. Kuchita chimodzimodzi ndi miyezi yonse n'kuphatikiza, pakutuluka 336,000. Kwina, kutalikira kwa matumba okha kumachulukitsidwa ndi iko komwe, monga 300 kuchulukitsa ndi 300, ndipo miyezi yonse pamodzi ikupereka 280,000. Kugawa 336,000 ndi 280,000 kukupereka 1.2, kutanthauza K1,200 pa thumba popeza ndalama timaziwerenga m'masauzande. Mzere wa rigireshoni nthawi zonse umadutsa pakatikati paja, choncho ndalama zosasintha ndi K910,000 kuchotsapo matumba 500 pa K1,200, zomwe zikutsala K310,000.

Amene ali ndi kompyuta kapena foni yokhala ndi Excel kaya Google Sheets safunika kuvutika chonchi. Matumba akalembedwa m'mabokosi B2 mpaka B7, ndalama m'mabokosi C2 mpaka C7, amangolemba izi:

```
=SLOPE(C2:C7,B2:B7)
=INTERCEPT(C2:C7,B2:B7)
=RSQ(C2:C7,B2:B7)
```

Mzere woyamba upereka ndalama za thumba limodzi, wachiwiri ndalama zosasintha. Ndalama ndizo zimayamba kulembedwa, matumba pambuyo. Wosinthanitsa amalandirabe yankho, kompyuta siikana, koma limakhala yankho la funso lina. Mzere wachitatu upereka nambala ya pakati pa 0 ndi 1 yosonyeza kuti ndi gawo lalikulu bwanji la kukwera ndi kutsika kwa ndalama lomwe matumba akulifotokoza. Pa chigayo chathuchi ikutuluka pafupifupi 0.98.

Nambala ya 0.98 imasangalatsa, ndipo ambiri akaiona amatseka kaundula. Kumeneko n'kufulumira. Miyezi ikakhala yosiyana kwambiri pa ntchito, kuyambira matumba 200 mpaka 800, pafupifupi mzere uliwonse wokwera umaoneka ngati wakhoza. Chofunika ndi kuchita zomwe tinachita ndi njira yoyamba ija: kuyang'ana kuphonya kwa mwezi uliwonse paokha. Pa Febuluwale, Malichi ndi Epulo mzere watsopanowu waphonya ndi K10,000 kapena kucheperapo. Koma pa Meyi walosera mopyola ndi K35,000, pa Julayi mopyola ndi K60,000, pomwe pa Juni waperewera ndi K70,000. Juni wadzipatula pakati pa anzake awiri oyandikana naye, ndipo wawakokera mzere kumwamba.

Apa masamu afika pomwe angathe. Chotsatira ndi kutsegula kaundula pa Juni n'kuwerenga mzere ndi mzere. Tinene kuti mwezi umenewo mota inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo kuikulungitsanso mawaya kunadya K140,000. Ndalama imeneyi inatuluka zoona, koma sinatuluke chifukwa cha matumba 800. Ikachotsedwa, Juni akutsala ndi K1,200,000. Njira ya hayi-lo tsopano ikupereka pafupifupi K1,067 pa thumba ndi ndalama zosasintha pafupifupi K347,000. Rigireshoni ikupereka K1,050 pa thumba ndi pafupifupi K362,000, ndipo palibenso mwezi womwe yaphonya ndi ndalama zofika K14,000.

Pali zinthu ziwiri zoti munthu aone apa. Lisiti limodzi la mota linasuntha yankho la hayi-lo ndi K233 pa thumba, pomwe la rigireshoni linasuntha ndi K150. Rigireshoni ndi yolimbirako, chifukwa miyezi ina isanu imaigwira, koma nayonso inakokedwa kwambiri, makamaka popeza vutolo linagwera mwezi wa kumapeto kwenikweni, komwe dontho limodzi limakhala ndi mphamvu yopendeketsa mzere wonse. Chachiwiri, kaundula atayeretsedwa, njira ziwirizi zatsala pang'ono kugwirizana: K1,067 ndi K1,050. Kusiyana pakati pa kaundula wosayang'anidwa ndi woyang'anidwa kwaposa kutali kusiyana pakati pa njira yophweka ndi yapamwamba. Mwinichigayo wodziwa zomwe zinachitika mwezi uliwonse, ali ndi cholembera chokha, afika pafupi ndi zoona kuposa wa kompyuta yemwe wangokopera manambala.

Kuchotsa lisiti kumafuna chilungamo. Sikololedwa kuchotsa mwezi chifukwa chongoti ukusokoneza mzere. Pamafunika chifukwa chomwe munthu angachiloze. Ndipo chifukwacho chiyenera kufunsidwa bwino. Ngati mota inapsa chifukwa cha magetsi obwera mwamphamvu, ndi tsoka lomwe likanagwa mwezi uliwonse, ndipo malo ake ndi m'thumba la zokonzetsera la chaka chonse. Koma ngati inapsa chifukwa chogaya kuyambira mbandakucha mpaka usiku osapumira, ndiye kuti matumba 800 aja ndiwo anaipsereza, ndipo kuchotsa ndalamayo n'kudzinamiza kuti chigayo chingapirire ntchito yotere chaka chilichonse popanda mtengo wake.

Wina angafunse kuti K1,300 ndi K1,050 zikusiyana pati, poti ndalama zonse zinatuluka kale. Zimasiyana pa tsiku lopanga chiganizo. Tiyerekeze kuti sukulu ina yogonera komweko yabwera mu Malichi, nthawi yomwe chigayo chikungokhala, n'kupempha kugayitsa matumba 300 pa K1,250 lililonse m'malo mwa K2,000. Lendi ndi mlonda alipidwa kaya sukuluyo yalandiridwa kapena ayi, choncho funso ndi limodzi: kodi K1,250 ikuposa zomwe thumba limodzi limawonjezera? Wokhulupirira K1,300 akana, poganiza kuti aluza K50 pa thumba lililonse. Wodziwa kuti ndi K1,050 aona kuti thumba lililonse limusiyira K200, zomwe pa matumba 300 ndi K60,000 yothandizira lendi m'mwezi wovuta. Chimodzimodzi pofuna kudziwa matumba ofunika pamwezi kuti chigayo chisaluze. Ndi manambala oyamba aja, thumba limasiya K700, ndipo kuti K300,000 ikwane pafunika matumba 429. Ndi manambala oyeretsedwa, thumba limasiya K950, ndipo K362,000 ikwana ndi matumba pafupifupi 381. Mwezi wa matumba 400 ngati Epulo ukuoneka woluza mbali ina, wopindula pang'ono mbali inayo, ndipo kaundula yemwe akuvomereza yachiwiriyi: K800,000 inalowa, K795,000 inatuluka.

Ngakhale mzere utajambulidwa bwino chotani, umanena zoona pakati pa matumba 200 ndi 800 pokha, chifukwa ndi pomwe pali umboni. Wofunsa za matumba 1,500 alandira yankho, koma pofika pamenepo pakhala patafunika mnyamata wachiwiri, mwina ndi chigayo chachiwiri, ndipo ndalama zomwe timazitcha zosasintha zikhala zitalumpha. Kumunsi nakonso n'chimodzimodzi. K362,000 ija sikutanthauza kuti chigayo chitatsekedwa mwezi wathunthu chidya ndalama imeneyo; chitatsekedwa, woyendetsa akhoza kupita kutchuthi ndipo mababu ambiri azimitsidwa. Nambalayo ndi pomwe mzere ukanafika utapitirizidwa mpaka pa ziro, komwe palibe mwezi womwe unafikako.

Vuto lomwe limapweteka kwambiri kuno kwathu ndi kusintha kwa mitengo. Njira zonse ziwiri zimatenga kuti kwacha ya mwezi woyamba ndi yofanana mphamvu ndi ya mwezi womaliza. Koma kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zitsulo, malamba ndi mafuta inatsatira. Taganizirani kukwera kwa mitengo kutagwa cha mu Epulo kapena Meyi, pomwe matumba nawo akuyamba kuchuluka. Miyezi ya ntchito yochepa ikhala ndi mitengo yakale, miyezi ya ntchito yambiri ikhala ndi mitengo yatsopano, ndipo masamu aika mlandu wonse pa matumba. Ndalama za thumba limodzi zituluka zokwera kuposa zoona, zosasintha zituluka zotsika, mwina mpaka kutsika pansi pa ziro. Ndalama zosasintha zikatuluka pansi pa ziro pabizinesi yomwe imalipira lendi, munthu adziwiretu kuti china chalakwika. Mankhwala ake ndi kusiya kaye kwacha: kulemba mayunitsi a magetsi omwe agwiritsidwa ntchito, kapena malita a dizilo pachigayo cha injini, n'kupeza kuti thumba limodzi limadya mayunitsi angati. Nambala imeneyo siisintha ESCOM ikakweza mtengo. Imangochulukitsidwa ndi mtengo wa lero.

Kugwiritsa ntchito n'kosiyananso ndi kugula. Mayunitsi ogulidwa pa 29 Meyi amagaya chimanga cha mu Juni, ndipo akalembedwa pa Meyi amalemeretsa mwezi wina n'kupeputsa unzake. N'chifukwa chake kuwerenga mita tsiku loyamba la mwezi uliwonse kumathandiza kuposa kusunga malisiti ogulira okha.

Miyezi isanu ndi umodzi yatikwanira pofotokoza, koma pantchito yeniyeni ndi yochepa. Dontho limodzi mwa asanu ndi limodzi lili ndi mawu ambiri. Chaka chathunthu chimaonetsa nyengo zonse, ya njala ndi ya zokolola. Kubwerera m'mbuyo zaka zambiri nakonso kuli ndi msampha wake, chifukwa makina, antchito ndi mitengo zimakhala zitasintha. Ndipo pali funso loti thumba ndi muyeso woyenera kapena ayi. Thumba la mgaiwa limadutsa m'makina kamodzi. Chimanga cha ufa woyera chimayamba chakonoledwa, n'kupita kunyumba kukaviikidwa, kenako mphale n'kubweranso kudzagayidwa, ndipo kukonola ndi kugaya sizidya magetsi mofanana. Ngati mwezi wina anthu ambiri anakonoletsa pomwe mwezi wina ambiri anagayitsa mgaiwa, matumba 500 a uku si ofanana ndi matumba 500 a uko, ndipo timadontho tibalalika popanda lisiti lililonse loti n'kuliloza. Zikatero, muyeso wabwinoko ndi maola omwe mota yalira, kapena kulemba matumba okonola ndi ogaya m'mizere iwiri yosiyana m'kaundula, kuti aliyense adzapezeredwe mtengo wakewake.